T Imodzi Inatsalira M'njira

Ine ndine munthu wa nyimbo. Posesa ndiyimba, popinda zovala ndiyimba, m'basi ya mumzinda wa South Bend ku America kuno ndimang'ung'udza mpaka dalaivala kundisuzumira pagalasi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 kwathu ku Ntcheu, choncho zilembo ndimazidziwa monga udziwira anthu a mudzi woyandikana: nkhope ndizizindikira, koma kuti tikhale pansi ticheze, pamafunika nthawi. Izi ndikulemba pang'onopang'ono, mawu amodzi, kupuma, mawu amodzi, kupuma. Ndi nkhani ya mdzukulu wanga wa ku Italy, amene anandisowa ali wamng'ono, n'kundipeza yekha atakula, ine n'kumuphonya pa tsiku limene amandifuna.

Ndiyambe ndi bambo ake. Mwana wanga wamwamuna ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china ku Indianapolis. Anakwatira mtsikana wa ku Italy, wamtali, woseka ndi mapewa, amene ankagwira mu ofesi ya kampani yopanga zipangizo za magalimoto a mpikisano ku Speedway, katauni ka m'mbali mwa Indianapolis. Atabadwa mwana anandiitana kuchokera kumudzi kuti ndidzalere. Ndinalera. Ndinabereka kamwanako kumbuyo pa chitenje, ndikuzungulira nako m'misewu ya Speedway, azungu akuima kundifunsa ngati sikagwa. Mwezi wa Meyi magalimoto akayamba kulira pabwalo la mpikisano, mawindo kunjenjemera, ine ndinkakatseka makutu ndi nyimbo yanga:

Gona mkazi mnzanga, gona,
amuna athu apita kokalira ndi mphepo.

Pakuti kwathu mdzukulu wamkazi ndi mkazi mnzako, mumalimbirana mwamuna mmodzi moseka. Iye ankayankha ndi timano tiwiri, "nzanga, nzanga."

Mwana wanga anadwala, n'kutisiya kamtsikanako kali ndi zaka zinayi. Tinamuika komweko ku Indianapolis. Mpongozi wanga anapirira chaka, kenaka anati sangathe, abwerera kwa makolo ake. Sindinamudandaule, mkazi wamasiye amathamangira kumene kuli amake. Ine ndinasamukira kuno kwa mwana wanga wamkazi, nesi, ndi mwamuna wake. Poyamba zithunzi zinkabwera, kenaka zinkabwera pa Khrisimasi pokha, kenaka zii. Palibe anayambana ndi mnzake. Njira yosapitamo anthu imamera yokha udzu.

Ndiye tsiku lina ndili kupinda matawulo, foni yanga inati tii. Ndinapita nayo kwa mwana wanga, iye akuvula nsapato za kuntchito.

"Amayi, khalani pansi kaye," anatero.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ndi mwana wa achimwene. Akuti wapeza nambala yanu m'foni ya amake. Akuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo akukumbuka nyimbo koma mawu ake anaiwala."

Ndinavina tsiku limenelo. Ndinavina ndi thawulo m'manja, kuchokera kukhitchini mpaka kukhomo, kubwerera, mkamwini wanga akusuntha mipando kuti ndisagwe. Wabwera mkazi mnzanga, wabwera, anapita ali kumbuyo wabwera ali m'manja.

Koma uthengawo unali ndi kanthu kumapeto: tvb.

"Nanga ichi?" ndinafunsa.

Mwana wanga anakwinya nkhope. "Bola isakhale TB."

"Iwe unesi wakulowa m'maso," anatero mkamwini. "Ndi TV imeneyo. Mwina akuti anationa pa TV."

"Inu munaonekapo liti pa TV, bambo?" ndinatero, tonse n'kuseka.

Vuto lake linali ili. Mwanayo Chichewa chinamuthawa, Chingerezi chinatsala cha kusukulu chokha, ndipo ankachita nacho manyazi. Anatipempha kuti tisamuimbire foni, azingolemba. Ndiye ankalemba Chitaliyana chake m'makina omasulira a pafoni, makinawo n'kumupatsa Chingerezi, iye n'kutitumizira. Koma ana a kumeneko polemba amadula mawu, amameza zilembo, ndipo makina aja akafika pa mawu odulidwa ankangowasiya momwemo. Uthenga unkafika ngati mpunga wosapeta bwino: Chingerezi, Chingerezi, mwala. Chingerezi, mwala. Xke. Cmq. Nn. Ife tinkatola miyalayo n'kutaya, mpunga n'kudya. Mwana wanga ankandiuza m'Chichewa zimene zatsala, ine n'kuyankha ndi mawu ojambula, nyimbo basi. Iye amalemba, ine ndimayimba. Tinayenda choncho miyezi, mokoma.

Chimene chinkandivuta mtima ndi X. Ine X ndinamudziwa kwa aphunzitsi, wofiira, kutanthauza kuti walakwa. Mwana akandilembera xke ndinkati kodi ndalakwa chiyani. Mwana wanga anati ayi Amayi, pa Chingerezi cha pafoni X ndi kisi. Ndiye ndinkati ndikaona xke ndinkapsompsona foni.

Kenaka kunabwera uthenga waufupi: mom nn is fine.

"Akuti amake ali bwino," anatero mwana wanga. Tinali titamva kuti mpongozi wanga amapitapita kuchipatala, koma osadziwa kukula kwake. Nn uja tinamutaya monga tinkatayira miyala yonse. Ine ndinagwira foni n'kuyimba nyimbo yothokoza, ya chisangalalo, n'kumaliza ndi nthungululu yaitali ya paukwati.

Yankho linali kankhope kolira, kamodzi. Kenaka uthenga wautali, wodzaza miyala mwakuti mpunga sunaoneke.

Apa mpamene mwana wanga anakumbukira mayi wina wa ku Italy, mnzake wa mpongozi wanga, amene ankagwira naye ntchito ku Speedway ndipo anabwera pamaliro a mwana wanga. Anamufunafuna mpaka kumupeza. Loweruka tinapita, msewu wautali uja wa minda ya chimanga yopanda munthu wolima. Tinayamba kumanda, kenaka kwa mayiyo. Anatilandira kukhitchini, anandikumbatira osafunsa, n'kundipatsa khofi m'kapu yonga ya chidole, wowawa ngati mankhwala a malungo. Iye amalankhula Chingerezi, mwana wanga amanditembenuzira.

Anayang'ana foni, n'kuika dzanja pakamwa.

"Akuti nn si mwala, Amayi," anatero mwana wanga motsitsa. "Ndi non. Ndiye kuti ayi. Mwana analemba kuti mayi sali bwino."

Ndinaika kapu pansi. Mwana wandiuza kuti amake akudwala kwambiri, ine ndamuimbira nthungululu.

Mayi uja anaona nkhope yanga. Anakoka mpando kufupi, natenga miyala yathu yonse umodziumodzi. Anati kale uthenga wa pafoni unali ndi malire a zilembo, ndiye anthu a msinkhu wake anaphunzira kufinya mawu, ndipo mtsikanayo ayenera kuti anatengera kwa amake, pakuti anzake ena anayamba kuzisiya. Cmq ndi comunque, ndiye kuti komabe. X si kisi ndipo si kulakwa: kwawo pochulukitsa nambala, chizindikiro chija amachitchula per, ndiye paliponse pamene mawu ali ndi per amangoikapo X. Ke ndi mchira wake. Xke ndi perché.

"Ndiye kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti pa Chingerezi zimavuta, pamafunika mawu awiri, why ndi because. Kwawo ndi mawu amodzi, ofunsira ndi oyankhira omwe."

"Aa, si chifukwa ameneyo? Chifukwa chiyani, chifukwa chakuti. Uwauze kuti Chitaliyana ndi Chichewa chovala nsapato."

Mayi uja anaseka mpaka kupukuta maso. Ndipo ndinafunsa za tvb wanga. Anagwira pachifuwa, nanena pang'onopang'ono kuti ndimve: ti voglio bene. Anati akamatembenuza amangolemba love you, koma sizikwana, chifukwa Chingerezi chili ndi thumba limodzi loikamo chikondi chonse. Kwawo mwamuna ndi mkazi amauzana ti amo. Koma kwa amako, kwa agogo ako, kwa mnzako wapamtima, umati ti voglio bene, ndipo mawuwo ukawamasula amati ndikufunira zabwino. Ukafuna kuonjezera umaika T wina pakati, tvtb, T wa tanto, ndiye kuti kwambiri.

Ndikufunira zabwino. Miyezi yonseyo mwana amandifunira zabwino, ife tikuti TV.

Tinalemba kupepesa pomwepo. Ine ndinanena m'Chichewa, mwana wanga m'Chingerezi, mayi uja m'Chitaliyana chathunthu chosadula. Tisanafike ndi kunyumba komwe, foni inati tii. Zilembo zinayi. Ndinaziwerenga ndekha ndi chala: t, v, t, b. Kuyambira tsiku limenelo uthenga wake uliwonse unkathera pa tvtb, ndipo ine ndinkayamba kuwerenga kumapeto, monga mwana ayambira pa nyama.

M'galimoto momwemo ndinalumbira. Ndinati ine sindidzayankhanso nyimbo ndisanamve wotsogolera. Uthenga ukakhala ndi mwala, uyambe wapita ku Speedway, ubwere utapetedwa, ndiye ndiyankhe. Mayi uja anavomera. Mwana wanga ankamufowadira, iye n'kubweza Chingerezi choyera, kawirikawiri tsiku lomwelo.

Nyengo yachisanu yonse inatha choncho. Chipale chofewa chili mbuu panja, ine ndili pawindo ndi foni m'thumba la juzi. Ndinadziwa kuti mkazi mnzanga amaphikira amake msuzi koma amakewo sakudya. Ndinadziwa kuti tsitsi lake ndi la bambo ake ndipo palibe wodziwa kuliluka m'tauni yawo. Ndinamuphunzitsa nyimbo ija mawu amodziamodzi, iye n'kulemba gona mkazi mzanga, N atamumeza monga ameza za kwawo. Anati amake akachira adzabwera onse, ndidzamuluke. Ndinagula chipeso.

Ndipo Meyi anafika.

Unali m'mawa pakati pa sabata. Uthenga sunadutse m'makina omasulira, unalibe Chingerezi ngakhale pang'ono, unalibenso tvtb. Unali chonchi: c6?

Mwana wanga anaufowada nthawi yomweyo. Koma Meyi ku Speedway si mwezi, ndi chimvula. Anthu a ntchito ya magalimoto amakhala kubwalo kuyambira kum'mawa, makutu otseka, mafoni ali m'zikwama. Yankho silinabwere. Anaimba, inangolira.

"C6 ndi fupa la pakhosi," anatero mwana wanga, "koma sindikuona chifukwa chake angalembe zimenezo."

Mkamwini anafufuza pa Google. Zinatuluka ndi fupa lomwelo ndi magalimoto. Kenaka anamenya tebulo ndi chala. "Amayi, ndaipeza. Iyi si ya Chitaliyana, ndi yathu yomwe ino. Ana kuno akalemba c amatanthauza see, kuona. Akuti tionane 6 koloko. Akufuna akuimbireni ya vidiyo."

"Mwana wamanyazi uja?"

"Manyazi amatha. Mwamuimbira nyimbo chaka chonse."

Mtima wanga unadumpha ngati mwana wa mbuzi. Nkhope yake ndinali nditaiona pazithunzi zokha, zoima. Lero ndiiona ikuyenda, ndimva mawu ake.

"Ndiye tiyankhe kuti yes," anatero mwana wanga.

"Ayi. Bwanji ngati ndi nn wina? Tivomera chimene sitikuchidziwa. Ngati ndi 6 koloko, aimba. Ngati si zimenezo, mayi wa ku Speedway atiuza madzulo."

"Ngakhale kamtima kokha, Amayi?"

"Nthungululu ija inalinso kamtima."

Mwana wanga anaika foni pansi, pakuti anali ataona nkhope yanga tsiku lija. Anapita kuntchito.

Tsono 6 koloko yake iti? Kwawo dzuwa limatsogola ndi maola asanu ndi limodzi, ndiye 6 yawo yamadzulo ndi masana athu. Ndinasamba msanga. Ndinavala chitenje chobiriwira chimene ndinkamuberekera, ndinachisunga, duku kumutu, chipeso pambali kuti ndimuonetse. Foni ndinaitsamiritsa pa botolo la maluwa monga anandiphunzitsira mkamwini. Masana anadutsa. Ndinati ndiye kuti wawerengera nthawi yathu, mwana wanzeru. Ndinakhala pomwepo mpaka 6 yathu, ndikuyeseza nyimbo motsitsa kuti mawu asadzandithawe. Mkamwini anabwera, anayang'ana ine, anayang'ana foni, napita kukhitchini.

Mawa lake unabweranso: nonna c6??

Nonna ndinkamudziwa, ndi agogo. Mkamwini anati mwina dzulo netiweki inavuta. Ndinavalanso chitenje. Ndinakhalanso. Ndikanakhala ndi mtima wina ndikanangotsegula pakamwa, ndiyimbe chilichonse. Koma ndinkaona kankhope kolira kaja, ndipo ndinkati ndisamubayenso mwana ndi chimwemwe changa. Ndinatseka pakamwa chifukwa chomukonda. Ine amene sinditha kusesa chipinda chimodzi osayimba.

Wotsatira unati: xke nn risp?

Umenewu sitinafune munthu. X ndi per, xke ndi chifukwa chiyani. Nn ndi ayi. Risp mwana wanga anangoiona n'kuti ikufanana ndi respond.

"Akufunsa kuti bwanji simukuyankha," anatero. Pomwepo analemba m'Chingerezi kuti tili pano, sitinamve uthenga wako, tiuze. Ine ndinajambula mawu, osayimba, kungomutchula, mkazi mnzanga, mkazi mnzanga. Uthenga unapita. Sunatsegulidwe.

Loweruka tinalawira ku Speedway. Tauni yonse inali mbendera ndi anthu ovala makabudula, atakhala pakapinga ndi mabokosi a zakumwa, ndipo kulira kuja kunali mlengalenga, kuja ndinkatsekera mwana makutu. Tinadikira pakhomo pa mayi uja mpaka anatulukira, malaya a kuntchito, nkhope yotopa. Atationa anaima. Maso ake anali ofiira kale.

Sanatipatse khofi. Anati mauthenga a anthu anaunjikana m'foni mwake sabata yonse osawaona, wawatsegula m'mawa womwewo, ndipo pakati pawo panali wochokera kwawo. Mpongozi wanga anali atamwalira Lachisanu.

Tinalira pakhonde pomwepo, atatu, magalimoto akulira kutsidya. Nditapeza mpweya ndinamupatsa foni yanga. Ndinaloza ndi chala.

Anayang'ana. Anatseka maso. Ananena Chitaliyana kaye, mwakachetechete: ci sei. Kenaka anafotokozera mwana wanga. Nambala 6 kwawo amaitchula sei, ndipo sei yemweyo ndi mawu akuti uli. C ndi ci, ndiye kuti pamenepo. Palibe wotchi, palibe kuona. Anati pa Chingerezi cha pafoni akanalemba u there.

Mwana wanga anatembenukira kwa ine.

"Nena," ndinatero.

"Akuti, Agogo, mulipo?"

Mulipo.

Mawu amene ndawamva moyo wanga wonse. Munthu akafika pakhomo pako kumudzi, mulipo? Wodwala akatsegula maso pamphasa, mulipo? Ndipo palibe amapita kusukulu kukaphunzira yankho lake. Ngakhale uli ndi madzi m'kamwa umayankha. Mwana anali pampando wa m'chipatala, amake akutha, bambo ake ali m'dothi la Indianapolis, anayang'ana dziko lonse kuti ndani wanditsalira, n'kugogoda pakhomo panga. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, nditavala chitenje chake, ndikudikira 6 koloko.

Mkamwini anali ataima patali pafupi ndi galimoto. Anabwera n'kugwada, munthu wamkulu, wa tayi kuntchito kwake. "Amayi, ndine ndinanena."

"Dzukani, bambo. Inu munawerenga ndi maso a kuno. Enafe tinawerenga ndi mantha. Dzukani, anthu akutiona."

Mayi uja nayenso ankangoti sorry, sorry. Ndinamugwira dzanja. Anali atataya mnzake, ndimuonjezere katundu wanji. Ndinangomupempha chinthu chimodzi: andiuze yankho lake. Anati ci sono. Ndinati ndiye kuti chiyani, ngakhale ndinkadziwa. Mwana wanga anati, ndilipo.

Anandilembera pachikhatho ndi cholembera, zilembo zazikulu. Ndinatenga foni ndekha. Ndinafuna C mpaka kumupeza, I, kudumpha, S, O, N, O. Unali uthenga woyamba m'moyo wanga kulemba ndi chala changa. Pambuyo pake mayi uja analemba zonse m'Chitaliyana, za nn, za lumbiro langa, za 6 koloko ndi chitenje chobiriwira. Madzulo timizere tiwiri ta pansi pa uthenga tinasanduka mtundu, kusonyeza kuti wawerenga. Sanayankhe.

Kumaliro sindinapite, mapepala anga a ulendo sanali okonzeka ndipo kwawo saika mochedwa. Tinamva kudzera kwa mayi uja kuti mwanayo watengedwa ndi azakhali ake a kuchikazi, ku tauni ina. Akudya, akupita kusukulu, salankhula zambiri. Mayi uja anamuimbira kumuchonderera. Akuti anayankha kuti akumvetsa, si mlandu wa munthu. Akuti kenaka anati, koma akanangoyimba.

Akanangoyimba. Mawu amenewo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Chilimwe chonse m'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndinkalemba ci sono. Pachikhatho panafufutika kalekale, koma chala chinaloweza njira. Kenaka ndinkayimba, ndime imodzi, osati ya chisangalalo, osati ya maliro, ija ya gona mkazi mnzanga. Timizere tinkasanduka mtundu. Zii. Kutchalitchi amayi anzanga a ku Malawi ankati musiyeni, ana a masiku ano ndi otero, akakula adzakufunani. Wina anati kodi si uja anakulira kwa azungu, mumayembekeza chiyani. Ndinamuyankha kuti amene anagogoda ndi iyeyo, wosatsegula ndine, ndiye wachizungu ndani apa. Sanabwerezenso.

M'nyumba ankandiyang'ana ngati wodwala. Mwana wanga tsiku lina anati, "Amayi, m'nyumba muno mwazizira, simukuyimbanso posesa." Ndinati nyimbo ndili nayo imodzi patsiku ndipo ili ndi mwini wake.

Masamba atayamba kufiira, ndili m'basi kuchokera kogula ulusi, foni inati tii m'chikwama. Ndinaitulutsa ndikuganiza kuti ndi mwana wanga. Inali nambala ya ku Italy. Panalibe mpunga, panalibe mwala wachilendo. Zilembo zokha, zimene ndimazidziwa nkhope ndi mtima womwe.

Ndinadumpha siteji yanga. Ndinayimba m'basimo, mokweza, anthu akutembenuka, dalaivala akundisuzumira pagalasi. Wayankha mkazi mnzanga, wayankha. Ndinatsika kutsogolo n'kubwerera wapansi, miyendo yopepuka ngati ya namwali. Ndinalowa m'nyumba foni ili m'mwamba.

"Akuti amakukondani, Amayi," anatero mwana wanga, akulira ndi kuseka. "Love you. Zatha, zabwerera m'malo."

Ndinakhala pansi kuti ndiuonenso bwino, monga ndichitira, ndi chala. T. V. B.

Ndinabwereza. T, V, B. Ndinakwera m'mwamba kuona mauthenga akale aja a nyengo yachisanu, umodziumodzi. Onse zilembo zinayi, zinayi, zinayi. Uwu zitatu.

"Ndi chimodzimodzi, Amayi," anatero mkamwini. "Pa Chingerezi zonse ndi love you."

"Pa Chingerezi," ndinatero.

Sindinafowade ku Speedway. Umenewu sunafune womasulira. Mwana akundifunira zabwino, ndipo sananame, sanaonjezere chimene mtima wake sunafike. T wa kwambiri anatsalira pampando uja wa m'chipatala. Ine munthu wa Sitandade 3, amene ndimasokoneza B ndi D, chilembo chimodzi chimenecho ndinachiona chisanandione.

Tsopano amalemba mwa apo ndi apo. Zazifupi, za sukulu, za mvula. Za kubwera sanatchulenso, ine sindifunsa. Chipeso chili m'dirowa pamodzi ndi chitenje. Lumbiro lija ndinalimasula: uthenga ukafika, ndiumve ndisaumve, ndiyamba ndayankha ci sono, kupeta kubwere pambuyo. Ndipo ndimawerengabe kuyambira kumapeto. Chala chimayenda, T, V, n'kuima pang'ono pamenepo, pampata paja, ngati munthu wodikira mnzake pamphambano. Kenaka B.

Ine pomaliza ndimalemba zinayi.